KOPE LA MILUNGU INAYI: KULEMBA KUGUNDA KWA MTIMA TISANAPITE KUCHIPATALA

Alimi anzathu, amene muli pamaphunziro ndi amene munabwerera kale kwanu kumidzi, pali vuto limene ambirife timalidziwa. Munthu amatha miyezi akumva mtima ukugunda modabwitsa, kapena akutopa msanga ndi khasu limene kale silinali kumutopetsa. Tsiku lina amasiya munda, nakwera njinga kupita kukiliniki, nakhala pamzere mpaka dzuwa kufika pamutu. Akalowa, adokotala amamufunsa kuti, “Zinayamba liti? Zimabwera kangati pamlungu? Zimakupezani mukuchita chiyani?” Iye amangoyankha kuti, “Zinayamba kalekale, ndipo zimabwera nthawi zina.” Pa ola limenelo mtima umakhala uli zii, ngati sunavutepo. Amabwerera kwawo atataya tsiku lathunthu, adokotala osamva chenicheni chimene chikumusautsa.

Kuyambira mu 2012 anthu sakulipira m’zipatala zazing’ono za boma m’dziko lonse la Zambia, koma ulendowo umadyabe ndalama ndi nthawi. Kwa wochokera ku Kasenengwa kapena ku Chipangali, tsiku la kuchipatala m’nyengo yopalira ndi tsiku limene udzu ukukula m’munda. N’chifukwa chake tikufuna kufotokoza njira yoti ulendo woyamba ukhale wopindulitsa: kuwerenga kugunda kwa mtima m’mawa uliwonse kwa milungu inayi ndi kulemba m’kope pamodzi ndi zimene thupi likumva. Ife alimi timadziwa kale kulemba tsiku limene mvula yagwa ndi mazira amene nkhuku zaikira. Luso lake ndi lomwelo.

AMENE SAYENERA KUDIKIRA

Tiyambe ndi malire, pakuti kope likagwiritsidwa ntchito molakwika likhoza kuchedwetsa munthu wofunika thandizo lamsanga. Njira iyi ndi ya munthu wamkulu amene vuto lake ndi laling’ono, limabwera n’kupita, ndipo akugwirabe ntchito zake. Si ya ana, chifukwa mtima wa mwana umagunda mofulumira mwachibadwa ndipo manambala amene titchule pano samukhudza. Si ya amayi oyembekezera, amene ayenera kukanena zimenezi kusikelo mosazengereza.

Pali zizindikiro zina zimene zikaoneka kope limatsekedwa, munthu n’kunyamuka tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Zimenezi ndi kupweteka kapena kulemera pachifuwa, makamaka kukamafika kudzanja kapena kunsagwada, kubanika munthu ali chikhalire, kukomoka, kupotoka kwa pakamwa, kufooka kwa mbali imodzi ya thupi kapena kulephera kuyankhula bwino, kutsokomola magazi, kusanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda bii. Chimodzimodzinso mtima ukagunda kopitirira 120 pamphindi munthu atapumula ndipo osatsika, kapena ukatsika kufika pansi pa 40. Thupi likatentha, tikayezetse malungo tsiku lomwelo, pakuti kuno kum’mawa malungo sadikira milungu inayi. Chifuwa chikatha milungu iwiri, tikayezetse chifuwa chachikulu.

Tiwonjezere lamulo lina limene tidzalionenso kutsogoloku: nambala ya m’mawa ikaposa 100 kwa masiku atatu otsatizana, kapena mtima ukamagunda mopanda dongosolo kwa masiku awiri kapena atatu, tipite kukiliniki mlungu womwewo ndi zimene talemba kale. Milungu inayi ndiyo malire otsiriza, si ngongole yoti tiimalize.

KUGUNDA KUMENE TIKUWERENGA

Mtima ukafinya kamodzi, umakankha magazi kulowa m’mitsempha, ndipo kukankhako kumamveka pamalo amene mtsempha uli pafupi ndi khungu. Choncho tikawerenga kugunda kwa pamkono, tikuwerenga kufinya kwa mtima. Kwa munthu wamkulu amene wapumula, mtima umagunda pakati pa 60 ndi 100 pamphindi imodzi. Mlimi wamphamvu wozolowera khasu ndi njinga akhoza kupeza 55, ndipo ngati alibe chizungulire kapena kufooka, nthawi zambiri palibe chodetsa nkhawa.

Mtima umafulumira pamene thupi likusowa kanthu. Magazi akachepa, mpweya wofika m’ziwalo umachepanso, ndiye mtima umalipirira mwa kugunda kawirikawiri. Thupi likatentha ndi digiri imodzi, kugunda kumakwera ndi pafupifupi 10 pamphindi. Madzi akachepa m’thupi, monga zimachitikira pa kutentha kwa mu Okutobala, mtima umathamanganso. Mantha, ululu, mowa wa dzulo, fodya, tiyi kapena khofi wamphamvu, ndi mankhwala opopera a mphumu, zonsezi zimaukweza.

Apa m’pamene pali chifukwa chosankhira m’mawa. Masana nambala imasintha malinga ndi katundu amene tanyamula ndi dzuwa limene latiwomba, kotero ya Lolemba singayerekezedwe ndi ya Lachinayi. M’mawa, tisanadye, tisanasute ndi tisanagwire ntchito, thupi limakhala pafupifupi chimodzimodzi tsiku ndi tsiku, ndipo nambala ikasintha timadziwa kuti chasintha chili m’kati.

Pali chisokonezo chimodzi chimene chinenero chathu chimabweretsa. Timati “kuthamanga kwa magazi” ponena matenda a bipi, ndipo ambiri amaganiza kuti mtima ukamagunda pang’onopang’ono ndiye kuti bipi ili bwino. Si choncho ayi. Bipi ndi mphamvu imene magazi amakankhira zipupa za mitsempha, ndipo imayezedwa ndi makina omanga pamkono okha. Munthu akhoza kukhala ndi kugunda kwa 70 kosalala bwino, bipi yake ili yokwera moopsa. Kope lathu siliyeza bipi.

KAWERENGEDWE KAKE

Zofunika ndi kope la kusukulu, cholembera, ndi wotchi yosonyeza masekondi kapena foni yokhala ndi chowerengera nthawi. Tikadzuka, ngati tikufuna kukataya madzi tipite kaye, chifukwa chikhodzodzo chodzaza chimasowetsa mtendere. Tikabwerako tikhale pansi kapena pampando, titatsamira, kwa mphindi zisanu osayankhula. Tsiku lililonse tikhale mwanjira yomweyo, pakuti nambala ya munthu wogona imasiyana ndi ya munthu wokhala.

Titambasule dzanja lamanzere, chikhatho chikuyang’ana kumwamba. Tiike nsonga za zala ziwiri za dzanja lamanja, chamkombaphala ndi chapakati, pamkono pamene timavala wotchi, kumbali ya chala chachikulu. Pali kadzenje pakati pa fupa la m’mbali ndi msempha wolimba umene umaonekera tikafumbata, ndipo m’menemo ndi mmene kugunda kumamveka. Tikanikize pang’ono chabe. Tikakanikiza kwambiri timatseka mtsempha ndipo kugunda kumasowa. Chala chachikulu tisawerengere, chifukwa chili ndi kugunda kwakekwake kumene kumasokoneza. Amene nsonga za zala zawo zinalimba ndi khasu asunthe zala pang’onopang’ono mpaka atakupeza, kapena apemphe wa m’nyumba kuti awawerengere.

Tiwerenge kwa mphindi yathunthu, masekondi 60. Ena amawerenga masekondi 15 n’kuchulukitsa kanayi, koma njira imeneyi imachulukitsanso cholakwa kanayi: tikaphonya kugunda kuwiri, nambala imalakwika ndi 8. Komanso m’masekondi 15 n’kovuta kumva ngati mtima ukudumpha. Ndi bwino kutchera foni kuti ilire mphindi ikatha, kuti maso asakhale pawotchi, pakuti woyang’ana wotchi amayamba kuwerenga masekondi m’malo mwa mtima.

Powerenga timvetserenso kayendedwe kake. Kugunda kwabwino kumafanana ndi munthu mmodzi akusinja mumtondo, musi ukugwa pa nthawi yofanana. Nthawi zina pamakhala kampata kamodzi, ngati wosinjayo wapumira, kenako n’kupitiriza bwinobwino. Kudumpha kwa apo ndi apo koteroko kumachitikira anthu ambiri athanzi, koma tikulembe ndithu. Mtundu wachitatu ndi wopanda dongosolo n’komwe, wonga madontho a mvula yoyamba pamalata, pena pafupipafupi pena patalipatali, kwina mwamphamvu kwina mofooka. Umenewu ndi wofunika kuonedwa msanga. Achinyamata ena amamva kugunda kukufulumira pang’ono pokoka mpweya ndi kuchedwa potulutsa, chimenecho n’chachibadwa.

KAKONZEDWE KA TSAMBA

Mlungu uliwonse ukhale ndi masamba ake awiri oyang’anizana. Patsamba lakumanzere tijambule mizere isanu ndi iwiri ya masiku, ndi magawo anayi otsika: deti, nthawi, nambala, ndi kayendedwe. M’gawo lotsirizali tilembe mawu amodzi mwa atatu, “kosalala”, “kodumpha” kapena “kosokonekera”. Tsamba lakumanja ndi la zimene thupi lamva ndi zimene tinachita dzulo lake.

Mzere wa tsiku limodzi ukhoza kuoneka motere: “Lachiwiri, 5:40, 92, kosalala. Ndinagona bwino. Dzulo ndinapalira mpaka 11 koloko, ndinamwa madzi pang’ono, mutu unawawa madzulo.” Tsiku limene taiwala kuwerenga tijambulepo kamzere n’kulisiya. Kudzaza mpata ndi nambala ya m’mutu kumawononga kope lonse, monga mmene kulemba mvula imene sinagwe kungasocheretsere wodzala.

MLUNGU WOYAMBA: KUPHUNZIRA DZANJA

M’masiku asanu ndi awiri oyamba, ntchito ndi kuzolowera kuwerenga. Tiwerenge kawiri m’mawa uliwonse, kupumula mphindi imodzi pakati. Manambala awiriwo akasiyana ndi 4 kapena kucheperapo, ndiye kuti dzanja likumva bwino, ndipo tilembe yachiwiri. Akasiyana ndi 10, tiwerenge kachitatu, ndipo ngati n’kotheka wina atiwerengere kuti tione ngati cholakwa chili m’kawerengedwe kapena mtimawo ukusinthasintha. Tisadabwe masiku awiri oyamba nambala ikakwererako, pakuti munthu womvetsera mtima wake koyamba amachita nthumanzi. Kuona maso a nkhono n’kudekha.

Mlungu womwewu tilembe kuchikuto cha kope mbiri yathu mwachidule: zaka, nthawi imene vutoli linayamba, matenda amene tinadwalapo, ndi mankhwala onse amene tikumwa, kuphatikizapo ogula pagolosale ndi azitsamba. Ngati mwezi woyambira sitikuukumbukira, tigwiritse ntchito kalendala ya kumunda. Kunena kuti “zinayamba pamene tinkakumba mtedza” kumathandiza adokotala kuposa kunena kuti “kalekale”.

MLUNGU WACHIWIRI: KULEMBA ZIMENE THUPI LIKUMVA

Tsopano tsamba lakumanja liyambe kudzaza. Pa chizindikiro chilichonse tiyankhe mafunso anayi: chinali chotani, chinatipeza tikuchita chiyani, chinatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo chinatha bwanji. Mawu akuti “mtima ukundivuta” amabisa zinthu zambiri, pakuti ena amatanthauza kugunda, ena kutentha pachifuwa atadya, ena nseru, ena nkhawa. Tilembe chimene tamvacho m’mawu athuathu: mtima unagunda ngati ng’oma, unadumpha, ndinachita phuma, ndinaona chidima.

Kugunda kwachilendo kukatigwira masana, tikhale pansi pomwepo ndi kuwerenga, kenako tiwerengenso patapita mphindi khumi. Tilembe makamaka mmene kunayambira ndi mmene kunathera. Kugunda kumene kumakwera pang’onopang’ono pogwira ntchito n’kutsika pang’onopang’ono popumula ndi mtima umene ukuyankha zofuna za thupi. Kumene kumayamba mwadzidzidzi munthu ali chikhalire, n’kulekanso mwadzidzidzi ngati wazimitsa injini ya chigayo, kawirikawiri kumaloza vuto la m’kati mwa mtima momwemo, m’njira imene umalamulira kugunda kwake. Adokotala sangaone zimenezi ndi maso awo pokhapokha zitachitika ali pomwepo, ndiye mzere umodzi wa m’kope umakhala umboni wokhawo.

Mafunso awiri tiziwayankha tsiku lililonse ndi “inde” kapena “ayi”. Loyamba: kodi mapazi anatupa madzulo? Tikanikize ndi chala pamwamba pa kakolo kwa masekondi asanu, ndipo pakatsala kadzenje, yankho ndi inde. Lachiwiri: kodi tinabanika titagona chafulati, n’kufunika kutsamira kapena kudzuka usiku kufuna mpweya? Inde pa funso lachiwirili ndi chifukwa chokwanira chopitira kuchipatala osamaliza kope, pakuti amasonyeza kuti mwina madzi akusonkhana m’mapapo.

MLUNGU WACHITATU: NJIRA IMODZI YODZIWIKA NDI NTCHITO YA KUMUNDA

Kutopa n’kovuta kuyeza, koma njira imayezeka. Tisankhe ulendo umodzi umene timayenda kale tsiku ndi tsiku, monga wochokera kunyumba kupita kumjigo kapena kudimba. Tiyende mwa liwiro lathu la masiku onse, tilembe kangati tinaima kuti tipume, ndipo tiwerenge kugunda pofika ndi patapita mphindi zisanu. Awa si mayeso a mphamvu, ndipo palibe chifukwa chokwerera phiri la Kanjala pofuna kuona ngati mtima upirira. Chimene tikufuna ndi chiganizo chonga ichi: “Chaka chatha ndinkafika kumjigo osaima, tsopano ndimaima kawiri.”

Mlungu uno tisamalenso kulemba ntchito ziwiri zimene zimakhudza mtima wa mlimi mwachindunji. Yoyamba ndi kupopera. Mankhwala ena ophera tizilombo m’thonje ndi m’ndiwo zamasamba amalowa pakhungu ndi m’mphuno, ndipo amatha kuchedwetsa kapena kufulumizitsa mtima. Tilembe tsiku lopopera ndi dzina la pabotolo. Koma munthu akapopera n’kuyamba kutuluka dovu ndi thukuta lambiri, kusanza, kunjenjemera minofu kapena kuona mwachimbuuzi, avule zovala, asambe ndi sopo ndipo athamangitsidwe naye kuchipatala pamodzi ndi botololo. Yachiwiri ndi kuthyola fodya wonyowa ndi mame kapena mvula. Chikonga cha m’masamba chimalowa pakhungu n’kuyambitsa nseru, mutu, chizungulire ndi kusinthasintha kwa kugunda, ngakhale kwa munthu amene sanasutepo. Kope likasonyeza kuti masiku oipa amatsatana ndi masiku othyola, adokotala apeza poyambira.

Amayi alembe tsiku loyamba ndi lotsiriza la kusamba, ndi kuchuluka kwake, monga kangati patsiku anasintha nsalu. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene tasankhira milungu inayi: imakwanira pafupifupi mwezi wonse wa mayi. Imakwaniranso masiku anayi a msika, masiku anayi opumula, ndi kumapeto kwa mwezi kumene ena amamwa mowa kuposa masiku onse.

MLUNGU WACHINAYI: KUMANGA MTOLO

Tipitirize kuwerenga, koma tikonzenso tsamba limodzi la chidule, pakuti adokotala amene panja pali anthu ambiri akudikira sangawerenge masamba asanu ndi atatu. Pa mlungu uliwonse tiphatikize manambala n’kugawa ndi masiku amene tinawerenga, kuti tipeze nambala yapakati. Tilembenso yotsikitsitsa ndi yokwereratu ya mwezi wonse, masiku angati kugunda kunali kodumpha kapena kosokonekera, ndi kangati vuto lenilenilo linatigwira. Pansi pake tilembe mafunso athu awiri kapena atatu, kuti tisakawaiwale tikalowa.

CHITSANZO CHATHUNTHU

Tiyeni titenge chitsanzo chimene tachikonza kuti tiphunzirirepo. Tiyerekeze mayi wa zaka 34 wa kufupi ndi Chiparamba, wolima chimanga ndi mtedza, amene kuyambira nyengo yokolola wakhala akumva mtima ukugunda kwambiri akasenza ndowa. Sanakomokepo, sabanika akakhala pansi, ndipo sali woyembekezera, choncho ayamba kope.

Mlungu woyamba apeza 88, 92, 90, 94, 90, 92 ndi 91. Akaphatikiza zikwana 637, ndipo akagawa ndi 7 apeza 91. Mlungu wachiwiri apeza 92, 94, 93, 96, 95, 94 ndi 94, zonse pamodzi 658, yapakati 94. Masiku onsewa walemba “kosalala”. Kutsamba lakumanja walemba kuti kugunda kumakwera akasenza madzi n’kutsika pang’onopang’ono akakhala pansi, mapazi satupa, ndipo amagona chafulati popanda vuto. Walembanso chinthu chimene ankachita nacho manyazi, choti amalakalaka kudya dothi la pachulu.

Mlungu wachitatu manambala ndi 96, 98, 100, 102, 101, 99 ndi 97, zonse pamodzi 693, yapakati 99. Ndi mlungu umene anasamba masiku asanu ndi awiri, ndipo masiku atatu mwa amenewo anasintha nsalu kasanu ndi kawiri patsiku. Popita kumjigo anaima kawiri, ndipo tsiku lina anafika mtima ukugunda 128, patapita mphindi zisanu uli pa 108. Mlungu wachinayi uyamba ndi 100 Lolemba, kenako 102, 101 ndi 103. Pofika Lachinayi, nambala yaposa 100 masiku atatu otsatizana. Mayiyu satsiriza mlunguwo. Alemba chidule madzulo omwewo, ndipo Lachisanu m’mawa apita kukiliniki ndi masiku 25 olembedwa.

Tione chimene kopeli lachita. Akanapita pa tsiku lina lililonse la milungu iwiri yoyamba, nambala yake ikanakhala pansi pa 100 ndipo ikanaoneka ngati yabwino. Chimene chikuyankhula ndi mzere wokwera: 91, 94, 99, kenako kupitirira 100. Kugunda kosalala kumene kukukwera pang’onopang’ono, pamodzi ndi kusamba kwambiri ndi chilakolako cha dothi, kumachititsa adokotala kuganizira kuchepa kwa magazi. Adzayang’ana m’kati mwa zikope ndi m’zikhatho ngati mwayera, adzayeza bipi, adzamvetsera mtima, ndipo adzatuma kuti ayezedwe malungo ndi kuchuluka kwa magazi. Kwa mayi wosayembekezera, Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse limati magazi achepa muyezo wake ukatsika pansi pa 12. Tiyerekeze kuti wake wapezeka 8. Pamenepo funso lotsatira ndi la kumene magaziwo akupita, kaya ndi kusamba kokha, kaya njoka za m’mimba, likodzo, malungo obwerezabwereza kapena zakudya zosakwanira.

Tisaiwale kuti kope silinapeze matenda. Manambala omwewo akanatha kuchokera ku chithokomiro chogwira ntchito mopitirira, makamaka kwa munthu amene akuonda, kunjenjemera manja ndi kumva kutentha nthawi zonse. Mayi uja akanadzigamulira yekha n’kugula mapiritsi owonjezera magazi pagolosale, akanatha kumva bwinoko kwa kanthawi pamene chotayitsa magazicho chikupitirira.

NAMBALA IKAKHALA YABWINO KOMA KAYENDEDWE KOIPA

Tiyerekezenso mnyamata wa zaka 22 amene Lolemba wapeza 78, Lachiwiri 96, Lachitatu 84, ndipo ngakhale powerenga kawiri m’mawa umodzi manambala sakugwirizana. Onse ali pansi pa 100, koma m’gawo lotsiriza walemba “kosokonekera” masiku atatu. Uyu apite mlungu woyamba womwewo. Kugunda kotere kumachitika zipinda za pamwamba za mtima zikamanjenjemera m’malo mofinya, ndipo magazi amatha kuundana m’menemo, chotupacho n’kupita kuubongo kukayambitsa sitiroko.

M’maiko athu ano, chimodzi mwa zoyambitsa vutoli mwa achinyamata ndi zilonda za pakhosi za paubwana zimene sizinachiritsidwe ndi mankhwala oyenera. Thupi polimbana ndi tizilomboto limawononganso tizitseko ta m’kati mwa mtima, ndipo zotsatira zake zimaoneka patapita zaka. N’chifukwa chake pambiri ya kuchikuto ndi bwino kulemba ngati tili ana tinadwalapo pakhosi kawirikawiri, kapena kutupa mfundo kumene kunkachoka pabondo kupita pachigongono. Matenda otere samalizidwa pakiliniki yaing’ono. Munthu amapatsidwa kalata yopita kuchipatala chachikulu, monga Chipata Central Hospital, kuti akajambulidwe kagundidwe ka mtima ndi makina, ndipo ena amatumizidwa ku Lusaka kumene kuli National Heart Hospital. Ulendowu umayambira pakiliniki ya kwathu, ndipo kope liyenera kuyenda nafe pa sitepe iliyonse.

KOPE LIKAYAMBA KUSOCHERETSA

Tingadziwe kuti kope lasokonekera m’njira zitatu. Manambala onse akamathera ndi 0 kapena 5, kapena akamafanana ndendende mlungu wonse, ndiye kuti wolembayo akungoyerekeza, pakuti mtima wamoyo umasiyana pang’ono tsiku ndi tsiku. Nthawi ikamadumpha kuchoka 5 koloko kufika 9 koloko, manambalawo sangayerekezedwe, ndipo masiku ochedwawo tiwaike chizindikiro. Chachitatu ndi munthu amene wayamba kugwira pamkono kakhumi patsiku. Nkhawa imakweza kugunda, kugunda kokwera kumawonjezera nkhawa, ndipo zimangozungulira. Kamodzi m’mawa ndi pamene vuto latigwira n’kokwanira. Ngati kopelo likutisowetsa tulo, tipite nalo kuchipatala ndi kukanena zimenezo, chifukwa nazonso ndi mbali ya nkhaniyo.

Pa milungu yonseyi tisasiye mankhwala amene tinapatsidwa kale, ndipo tisamwe a bipi kapena a mtima a mnansi wathu pofuna kutsitsa nambala. Ena mwa mankhwala amenewo amachedwetsa mtima, ndipo angativulaze komanso kubisa chimene adokotala akanachiona.

TSIKU LA ULENDO

M’mawa wa tsikulo tiwerenge monga mwa masiku onse tisananyamuke. Tinyamule kope, khadi lililonse la kuchipatala limene tili nalo, mankhwala onse m’mapepala ake, ndi dzina la mankhwala opopera ngati tinawagwiritsa ntchito. Ngati tafika pa njinga, nambala ya pakiliniki idzakhala yokwera, choncho tinene kuti tapalasa mtunda wautali ndi kusonyeza ya m’mawa. Tikalowa titsegule patsamba la chidule n’kunena mwachindunji kuti, “Adokotala, ndakhala ndikuwerenga kugunda kwa mtima m’mawa uliwonse, ndipo chidule chake ndi ichi.” Tisanatuluke tifunse ngati tiyenera kupitiriza kulemba, tsiku lobwereranso, ndi zizindikiro zimene zingatichititse kubwera tsikulo lisanafike. Mayankhowo tiwalembe patsamba lotsatira, pansi pa deti la tsikulo, pamodzi ndi bipi ndi zotsatira za magazi, kuti mlungu wachisanu ukhale ndi poyerekezera.